Kubwezera magemu a Mega Drive nkhope ya tivi yakale mu RetroArch

Tsegulani Sonic the Hedgehog wa 1991 pa laputopu, muthamange mpaka pa mathithi a ku Green Hill Zone, muime pomwepo. Madzi amene mukuwaonawo si madzi ayi. Ndi timizere toimirira, kamzere kabuluu, kampata, kamzere kabuluu, kampata, ngati mpanda wa bango. Amene anasewerapo gemu imeneyi pa tivi zakale zija, za galasi lokhuthala ndi msana wotumphuka, akumbukira kuti pamenepa pankatsika madzi enieni, oonekera mkati, moti Sonic akadutsa kuseri kwake ankaoneka ngati wamira. Emuleta, pulogalamu imene ikutsanzira makina a Mega Drive pa laputopu yanu, sinalakwitse chilichonse. Ojambula gemuyi anaika dala timizereto podziwa kuti chingwe ndi tivi zidzatisakaniza. Sikirini ya masiku ano siisakaniza kanthu, imangoonetsa chimene yapatsidwa, mbee.

Sheda ndi kapulogalamu kamene kamalandira chithunzi chochokera ku emuleta n'kuchijambulanso chisanafike pa sikirini, kutengera mmene tivi yakale ikanachitira. Malangizo awa ndi a RetroArch, pulogalamu yosonkhanitsa maemuleta osiyanasiyana, pa kompyuta, gemu ya Mega Drive yoyenda ndi emuleta ya Genesis Plus GX, ndi sikirini ya mapikiselo 1920 m'lifupi ndi 1080 m'litali. Za malaputopu a 1366 ndi 768, amene ali m'nyumba zambiri, ndizinena pa malo pake.

Choyamba mudziwe chimene mukutsanzira

Mkati mwa tivi yakale munali kamtsinje ka ma elekitironi kamene kankasesa galasi kuchoka kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere mpaka pansi. Pa zithunzi za wailesi yakanema, kamtsinjeko kankadutsa kawiri: ulendo woyamba mzere uwu n'kudumpha wotsatira, ulendo wachiwiri kudzaza imene inadumphidwa ija. Makina a magemu ngati Mega Drive ankachita zachidule. Ankauza tivi kuti izingobwereza mizere yomweyomweyo ulendo uliwonse, ndiye mipata yapakati inkatsala yosayatsidwa. Mizere yakuda imene anthu amaifuna ija ndi mipata imeneyi.

Koma mipatayo sinali yofanana paliponse. Pamene chithunzi chikuwala, kamtsinje kankafufuma n'kutsala pang'ono kutseka mpata. Pamene pali mdima, kankaonda, mpata n'kukula. N'chifukwa chake kungoyala mizere yakuda yofanana pamwamba pa gemu kumaoneka ngati mukuonera pa zenera la mawaya. Komanso tivi ya pabalaza, makamaka yaing'ono, inali ndi mizere yosachita kuonekera kwenikweni. Mizere yakuda bii imene imadzaza pa zithunzi za pa intaneti ndi ya mamonita a ku situdiyo, amene ambiri a ife sitinawaonepo ndi maso.

Chachiwiri ndi sefa. Kuseri kwa galasi kunali chitsulo chopyapyala cha timabowo, ngati sefa ya ufa, chimene chinkaongolera kamtsinje kaja kuti kagunde timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu. Trinitron ya Sony, imene inatuluka mu 1968, m'malo mwa timabowo inali ndi timawaya toimirira. Mukaika mphuno pa galasi munkationa timadonthoto. Chachitatu ndi chingwe, chija cha mutu wachikasu kapena cha ku eriyo, chimene chinkatenga kuwala ndi mitundu m'njira imodzi n'kuzipaka pang'ono cham'mbali. Mathithi a Sonic ndi ntchito ya chingwe, osati ya mizere. Ambiri amaika mizere yokha n'kumadabwa kuti bwanji sizikukoma.

Gawo 1: dilayiva ndi masheda

Masheda a RetroArch alipo a mitundu iwiri imene ikugwiritsidwa ntchito kwambiri, ndipo umene muuone umadalira dilayiva ya zithunzi. Pitani ku `Settings > Drivers > Video`. Ngati palembedwa `vulkan`, `glcore` kapena `d3d11`, mudzagwiritsa ntchito mafayilo othera ndi `.slangp`. Ngati palembedwa `gl`, anu ndi othera ndi `.glslp`. Ine ndimasankha `vulkan` kapena `glcore`, chifukwa masheda atsopano amatulukira mbali imeneyo. Kompyuta ikakhala yakale kwambiri moti ikukana zonsezi, khalani pa `gl`. Sheda imene tiyambire ilipo konsekonse. Mukasintha dilayiva, tsekani RetroArch n'kuitsegulanso, apo ayi palibe chimene chasintha.

Kenako `Main Menu > Online Updater > Update Slang Shaders`, kapena `Update GLSL Shaders` kwa a `gl`. Apa pokha ndi pamene pakufunika bandulo, kamodzi basi. Mukadzalowa mu foda ya masheda n'kupeza mafoda alimo koma mkati mulibe kanthu, musathamangire kukoperanso. Kawirikawiri ndiye kuti mwalowa mu foda ya mtundu umene dilayiva yanu siiwerenga, ndipo RetroArch yangowabisa.

Gawo 2: masamu a kutalika kwa sikirini

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo musaike sheda iliyonse musanathane napo.

Mega Drive imatulutsa chithunzi cha mizere 224 kuchoka pamwamba kufika pansi. Sikirini yanu ili ndi mizere ya mapikiselo 1080. Gawani 1080 ndi 224, mupeza 4.82. Pikiselo siidulidwa pakati, ndiye kuti chithunzi chidzaze sikirini yonse, mizere 184 ya gemu ilandira mapikiselo asanu uliwonse, ndipo 40 yotsalayo ilandira anayi. Ndiye kuti pa mizere isanu kapena isanu ndi umodzi iliyonse pali umodzi woonda. Popanda sheda diso silizindikira msanga. Mukangoika mipata yakuda, kusiyanako kumatulukira poyera: thambo la buluu la Green Hill limakhala ndi mikwingwirima yopingasa, pena powala pena pakuda, ngati mphasa yolukidwa ndi bango losiyana makulidwe. Sonic akalumpha, sikirini n'kukwera naye, mikwingwirimayo imatsala pamalo pomwepo, zinthu n'kumachita ngati zikuphethira podutsapo.

Mankhwala ake ndi kukulitsa chithunzi ndi nambala yathunthu. Pitani ku `Settings > Video > Scaling` muyatse `Integer Scale`, ndipo `Aspect Ratio` ikhale pa `Core provided`. Tsopano 224 kuchulukitsa kanayi ndi 896. Mzere uliwonse wa gemu uli ndi mapikiselo anayi ndendende, ndipo 184 otsalawo agawika, 92 pamwamba, 92 pansi, akuda. Chithunzi chachepa, inde. Koma mizere yafanana.

Ngati mipata yakudayo ikukunyansani, pali njira ina imene ine ndimaikonda pa sikirini ya 1080. Chulukitsani kasanu, mupeza 1120, kupitirira sikirini ndi mapikiselo 40. Amenewo ndi mizere isanu ndi itatu yokha ya gemu, inayi pamwamba, inayi pansi, imene idulidwe. Tivi zakale nazonso zinkadya m'mphepete mwa chithunzi, ndipo opanga magemu ankadziwa zimenezi, moti zinthu zofunika monga mapointi ndi moyo wotsala ankaziika mkati pang'ono. Mu RetroArch wakale batani lake ndi `Integer Scale Overscale`. Mu watsopano muli `Integer Scale Scaling`, mmene mumasankha `Overscale`. Mukayatsa, yang'anani kamutu ka Sonic kosonyeza moyo, pansi kumanzere, ngati kali kathunthu. Mapikiselo asanu pa mzere amapatsanso sheda malo okwanira kujambula kufufuma ndi kuonda kwa kamtsinje kaja, kuposa anayi.

Pa laputopu ya 768 masamu ake ndi ena: 224 katatu ndi 672, kutsala 96. Mapikiselo atatu pa mzere ndi ochepa, koma mizere ituluka ndithu yofanana. Chimene sichituluka bwino ndi sefa, ndipo tifikako.

Musanachoke mu `Settings > Video`, zimitsani `Bilinear Filtering`, chifukwa imafewetsa chithunzi m'njira yakeyake yosagwirizana ndi tivi iliyonse. Ndipo seweretsani pa sikirini yonse podina `F`. Pa windo laling'ono kutalika sikukhala 1080, ndiye masamu onse aja amasintha.

Gawo 3: kuika sheda

Tsegulani gemu, mufike pamalo pamene pali thambo lalikulu, zinthu zoyera ndi mdima pang'ono. Poyambira pa Green Hill m'pabwino. Dinani `F1` kuti mutsegule `Quick Menu`, tsikirani ku `Shaders`, yatsani `Video Shaders`, kenako `Load Preset`. Lowani mu `shaders_slang`, kenako `crt`, musankhe `crt-easymode.slangp`, kapena `shaders_glsl` ndi `crt-easymode.glslp` kwa a `gl`. Dinaninso `F1` kubwerera ku gemu.

Mu fodayi muli mafayilo ambirimbiri ndipo mtima udzafuna `crt-royale`, chifukwa ndiyo imatamandidwa paliponse. Ilekeni kaye. Ndi yolemera, imafuna kompyuta ya mphamvu, ndipo sefa yake imaoneka bwino pa sikirini za mapikiselo ochuluka kuposa 1080. Ya `crt-easymode` ndi yopepuka, galasi lake ndi lafulati, ndipo zosintha zake ndi zochepa moti munthu ungazimvetse madzulo amodzi. Mukaidziwa imeneyi, zinazo ndi nkhani yomweyo yongowonjezera mabatani.

Dinani `F3` kuti muone liwiro pakona ya sikirini. Gemu ya ku America kapena ku Japan iyenera kukhala cha pa 60. Ikamatsika, khutu ndilo limayamba kudziwa: nyimbo imathetheka, kumachita kadukaduka. Zikatero sheda yakulira kompyuta, ndipo tsikirani ku `zfast-crt` kapena `crt-pi`, zimene zinalembedwera timakina tofooka. Laputopu ikakhala pa batire, magetsi atazima, imadzichepetsera mphamvu yokha. Sheda imene imayenda bwino pa chaja ikhoza kuyamba kutsimphina pamenepo. Yesani ponse pawiri.

Ngati muona 50, musadandaule, gemu yanu ndi ya ku Ulaya. Tivi za ku Malawi, Zambia ndi South Africa zinali za PAL monga za ku Britain, zojambula maulendo 50 pa sekondi m'malo mwa 60, ndipo Sonic woyambayu pa makina a PAL ankayenda pang'onopang'ono, nyimbo yomwe, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Ngati nyimbo ya Green Hill ikumveka yothamanga kuposa mmene mukuikumbukira, mwina si ukalamba.

Gawo 4: kuchuna

Bwererani ku `Quick Menu > Shaders > Shader Parameters`. Chilichonse chimene musinthe apa chimaoneka nthawi yomweyo. Sinthani chimodzi, tulukani mu menyu, yang'anani, bwererani. Mukasintha zitatu pakamodzi simudziwa chimene chakonza ndi chimene chawononga. Mukasokonezeka, batani la `Start` pa padi limabweza nambala imene mwaimapoyo pamene inali.

Yambani ndi `Scanline Strength`. Imabwera pa 1.00, pamapeto penipeni. Kwa ine apa mizere imakhala yolimba kuposa tivi ya pabalaza. Ndimaitsitsa kufika cha pa 0.70. Njira yoyezera ndi iyi: khalani pamene mumakhala posewera, osati kuyandikitsa nkhope. Pa mitambo yoyera mizere izikhala yovuta kuiona, pa thambo la buluu izioneka pang'ono, pa malo akuda ionekere bwino. Ngati mukutha kuwerenga mizere pa mtambo muli pa mpando, mwaonjeza.

Kenako `Mask Strength`, imene imabwera pa 0.30. Sefa imajambulidwa ndi mapikiselo enieni a sikirini yanu, ndiye ikakhala ndi ochepa, timadonthoto timakula kuposa mmene tinalili pa tivi, chithunzi n'kumaoneka ngati chakutidwa ndi neti ya udzudzu. Pa 1080 ndimaika 0.20. Pa laputopu ya 768 ndimaika 0.00 osayang'ananso m'mbuyo. Mizere yokha ndi chingwe zimakwanira.

Pofika apa mudzaona kuti chithunzi chada kuposa poyamba. Sikulakwitsa kwanu. Mipata ndi sefa zonse zimagwira ntchito pozimitsa mapikiselo ena, ndipo sikirini yanu singawalitse otsalawo mmene tivi yakale inkawalitsira mizere yake. Pali `Brightness Boost`, imene imabwera pa 1.20, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Amaikweza mpaka kufupi ndi 2.00, kuwala n'kubwerera, koma zoyera zonse n'kupsa. Yang'anani mitambo: ili ndi mthunzi wotuwirako kunsi kwake. Mthunziwo ukasowa, mtambo n'kukhala chigamba chimodzi choyera, mwapitirira. Ine sindipitirira 1.30. Kuwala kotsalako ndimakutenga ku sikirini yeniyeniyo, pokweza kuwala kwa laputopu kapena nyali ya kumbuyo ya tivi, chifukwa kumeneko kumakweza zonse pamodzi osapsereza mitundu. Kusewera m'chipinda cha mdima pang'ono kumathandizanso kuposa nambala iliyonse.

`Gamma Input` ndi `Gamma Output` zisiyeni mmene zilili mpaka mutazolowera. `Sharpness Horizontal` mukhoza kuitsitsa pang'ono ngati zilembo zikuonekabe zamakona kwambiri.

Gawo 5: chingwe

Pitani ku mathithi aja. Mizere yopingasa ilipo tsopano, koma madzi akadali mpanda wa bango. Genesis Plus GX ili ndi chotsanzira chingwe mkati mwake momwe: `Quick Menu > Core Options > Video > Blargg NTSC Filter`. Muli `Monochrome`, `Composite`, `S-Video` ndi `RGB`. Sankhani `Composite`, chimene ndi chingwe chachikasu chija, mubwerere ku gemu.

Ulendo woyamba kuchita zimenezi ndinakhala kaye chete, padi ili m'manja. Timizere tija tinasungunuka, madzi n'kukhala madzi, Sonic n'kumaoneka kuseri kwake ngati munthu woima kuseri kwa katani yopyapyala. M'magemu ena a Mega Drive, malo amene ankaoneka ngati bolodi ya drafuti amasanduka mithunzi yosalala, mitundu imene makinawo analibe n'kutulukira pakati pa iwiri imene anali nayo. Mtengo wake ndi wakuti zilembo zimafewa, ndipo m'mphepete mwa zinthu mumatuluka timitundu ta utawaleza. Zimenezo zinaliko pa tivi, si vuto la kompyuta. Ngati zikukupwetekani maso pa gemu ya zowerenga zambiri, `S-Video` ndi ya pakatikati: zilembo zimawerengeka bwino, koma mathithi amayambanso kuonetsa bango lake. `RGB` ndi yoyera kwambiri, ndipo pa Mega Drive ine ndimaona kuti imachotsa chimene tikuchifunacho.

Chinthu chimodzi muchenjere nacho. Masheda ena ali ndi chingwe chawochawo, monga `crt-guest-advanced-ntsc.slangp`. Mukadzasamukira ku imeneyo, zimitsani `Blargg NTSC Filter`. Zingwe ziwiri pamodzi zimapaka chithunzi kawiri, n'kukhala phala.

Za galasi lopindika

`crt-easymode` ilibe kupindika. Amene akufuna galasi lotumphuka ndi makona ozungulira ayese `crt-geom.slangp`, mmene `CRTGeom Curvature Toggle` imayatsa ndi kuzimitsa kupindikako, ndipo `CRTGeom Curvature Radius` ikakula galasi limaphwatalala. Kunena zoona ine ndimazimitsa. Kupinda chithunzi kumapindanso mizere, ndiye mzere umodzi umadutsa pa mapikiselo osiyanasiyana kuchoka pakati kupita m'mbali, masamu a Gawo 2 aja n'kusokonekera. Pa 1080 zotsatira zake ndi timafunde tozungulira cha m'makona, tofanana ndi zimene zimaoneka munthu akajambulidwa atavala shati ya timizere ting'onoting'ono. Pa sikirini ya mizere 1440 kapena 2160 vutoli limachepa kwambiri chifukwa mzere uliwonse umalandira mapikiselo asanu ndi limodzi kapena asanu ndi anayi.

Gawo 6: kusunga

Mukangotseka gemu musanasunge, zonse mwachuna zija zapita. Mu `Quick Menu > Shaders` pitani pa `Save Preset`. Mu RetroArch watsopano zili mkati mwa `Manage Presets`. Muli njira zinayi: `Save Global Preset` ya magemu onse, `Save Core Preset` ya zonse zoyenda ndi Genesis Plus GX, `Save Content Directory Preset` ya magemu a mu foda imodzi, ndi `Save Game Preset` ya gemu imodzi yokha. Zikagundana, yaing'ono ndiyo imapambana: ya gemu imaposa ya foda, ya foda imaposa ya emuleta, ya emuleta imaposa ya onse.

Ambiri amadina yoyamba, mawa lake n'kutsegula gemu ya Game Boy n'kuipeza ili ndi mizere ya tivi, chonsecho kachipangizo kaja kanali ndi kasikirini kake ka m'manja kopanda mizere yotero. Yachiwiri nayo ili ndi msampha wake, chifukwa Genesis Plus GX imayendetsanso magemu a Master System ndi a Game Gear, ndipo Game Gear ndi ya m'manja. Ndiye ikani magemu a Mega Drive mu foda yawoyawo, musunge ndi `Save Content Directory Preset`. Za m'manjazo masheda awo ali mu foda ya `handheld`, monga `lcd-grid-v2.slangp`.

Fayilo yosungidwayo imakhala mu foda ya `config`, mkati mwa `Genesis Plus GX`, ndipo ndi mawu wamba oti mungawatsegule ndi Notepad. Ngati `Simple Presets` ndi yoyatsa, imangoloza ku sheda yeniyeni n'kulemba zimene mwasintha zokha, motere:

```
#reference "../../shaders/shaders_slang/crt/crt-easymode.slangp"
SCANLINE_STRENGTH = "0.700000"
MASK_STRENGTH = "0.200000"
BRIGHT_BOOST = "1.300000"
```

Mzere woyambawo ukhoza kusiyana malinga ndi pamene mafoda anu ali. Dziwaninso kuti `Integer Scale` siili mu fayilo imeneyi. Ngati mukufuna kuti kuchulukitsa kasanu kuja kukhale kwa Mega Drive yokha, sungani padera pa `Quick Menu > Overrides > Save Content Directory Overrides`. Zimenezi n'zofunika chifukwa makina ena amatulutsa mizere 240, ndipo 240 kasanu ndi 1200: pamenepo mudula mizere 24 ya gemu, osati isanu ndi itatu.

Zikaoneka molakwika

Tsiku lina ndinalumikiza laputopu ku tivi yaikulu ya pabalaza ndi chingwe cha HDMI kuti ana a mchemwali wanga aone magemu a nthawi yathu. Pa laputopu zonse zinali bwino. Pa tivi mikwingwirima ija inabwerera, thambo n'kukhala la mawanga ofiirira ndi obiriwira. Ndinataya ola lathunthu ndikusintha manambala a sheda, ana atatopa kudikira n'kupita kukasewera panja. Vuto silinali mu RetroArch n'komwe. Tiviyo inkakulitsa chithunzi pang'ono payokha n'kudula m'mphepete, ndiye pikiselo ya kompyuta siinkagwera pa pikiselo ya tivi. Mu menyu ya kukula kwa chithunzi pa tivi fufuzani dzina ngati `Just Scan`, `Screen Fit` kapena `Full Pixel`, malinga ndi mtundu wake. Tsitsaninso `Sharpness` ya tiviyo, chifukwa imaona mzere uliwonse ngati m'mphepete mofunika kunola, n'kuuzunguliza ndi kuwala koyera. Ngati pali `Game Mode`, yatsani. Ndipo onetsetsani kuti kompyuta ikutumiza kukula kwenikweni kwa tiviyo. Mukasankha kuti laputopu ndi tivi zizionetsa chimodzimodzi, kompyuta imatumiza kukula kwa sikirini yaing'onoyo, 768, tivi n'kukutambasula yokha kufika 1080. Sankhani kuti chithunzi chipite ku tivi yokha.

Vuto lina limabwera mukasamukira ku magemu a PlayStation yoyamba: sheda yomweyo, koma mizere yasowa, kapena yasanduka timizere tosaoneka ndi maso. Yang'anani mu `Core Options` ngati mwakweza kukula kwa chithunzi cha mkati kuwirikiza kawiri kapena kanayi. Sheda imajambula mpata umodzi pa mzere uliwonse umene yalandira, ndiye ikalandira 480 kapena 960 m'malo mwa 240, masamu ake amasintha. `crt-easymode` ili ndi `Scanline Cutoff` pa 400, kutanthauza kuti chithunzi chikafika mizere imeneyo imazimitsa mipata dala. Bwezerani kukulako pa `1x`. Koma ngati muli kale pa `1x` ndipo mizere ikusowa pa menyu zina zokha n'kubwerera gemu ikayamba, musakhudze kanthu. Magemu ena ankasinthira ku mizere 480 pa malo amenewo, tivi n'kudzaza mipata yonse monga pa zithunzi za wailesi yakanema.

Kotsiriza, kamene kamakhumudwitsa munthu atamaliza bwinobwino. Mwadina `F8` kujambula sikirini, mwatumizira mnzanu pa foni, iye akuyankha kuti zikuoneka ngati chitenje chosuluka. Choyamba onani ngati `GPU Screenshot` ndi yoyatsa mu `Settings > Video`, kapena pena mu `Settings` malinga ndi RetroArch wanu, apo ayi chithunzicho chimatuluka chopanda sheda. Koma ngakhale itayatsidwa, foni imachepetsa chithunzi kuti chikwane pa kasikirini kake, mapikiselo asanu pa mzere aja n'kuphwanyika kukhala awiri ndi theka, mikwingwirima yonse imene munaithamangitsa n'kubwerera. Chitumizeni ngati fayilo osati ngati chithunzi, ndipo mumuuze achitsegule pa kompyuta pa 100%. Kapena angobwera kwanu, mumukhazike pa mpando mamita awiri kuchoka pa tivi, mumupatse padi, athamange yekha mpaka pa mathithi.